Mphatso kapena chiphuphu: mmene zimasiyanirana pa malonda a fodya ku Nkhamenya

Mphatso ndi chinthu chimene munthu amapatsa mnzake mwaufulu, popanda kuyembekezera kuti wolandirayo asinthe kagwiridwe ka ntchito yake. Chiphuphu ndi chinthu chimene chaperekedwa, chalonjezedwa kapena chapemphedwa n'cholinga choti munthu amene ali ndi udindo wogamula zinthu m'malo mwa ena agamule mokomera woperekayo. Poziona ndi maso, ziwirizi sizisiyana. Zonse zimabwera ngati mbuzi, thumba la mtedza, envelopu kapena ndalama yotumizidwa pa foni, ndipo zonse zimaperekedwa ndi mawu aulemu. Wopereka chiphuphu sachitchula dzina lake lenileni. Amati ndi ya fanta, ya mafuta, kangachepe, kapena zikomo chabe.

Nkhaniyi imavuta kwambiri m'madera ngati Nkhamenya, kumpoto kwa boma la Kasungu, m'dera la mfumu yaikulu Kaluluma. Pamalowa pamadutsa msewu wa M1 wopita ku Jenda ndi ku Mzuzu, ndipo chuma cha anthu ambiri chimadalira fodya. Mlimi, mlangizi wa kampani, mwini lole ndi wogulitsa feteleza amadziwana, amakumana pamaliro, ena ndi apachibale. Kumalo otere kupatsana ndi mwambo, ndipo kukana mphatso kumaoneka ngati mwano. N'chifukwa chake munthu wogwira ntchito kumeneko amafunika njira yomveka yodziwira chimene angalandire ndi chimene ayenera kubweza.

Munthu wachitatu

Njira yachidule yosiyanitsira ziwirizi ndiyo kuwerenga anthu amene nkhaniyo ikuwakhudza. Pa mphatso yeniyeni pamakhala anthu awiri, wopereka ndi wolandira. Pa chiphuphu pamakhala wachitatu amene sakuoneka, yemwe adapatsa wolandirayo udindo ndipo akumukhulupirira kuti aziteteza zofuna zake. Wachitatuyu atha kukhala kampani imene idamulemba ntchito, mamembala a kalabu amene adamusankha, kapena anthu a m'dziko ngati wolandirayo ndi wa m'boma. Iyeyu ndi amene amalipira mtengo wa chiphuphu ngakhale kuti sadafunsidwe.

Chitsanzo chosavuta chili pamsika. Mayi wogulitsa tomato akaonjezera awiri pamulu, kasitomala amalandira banyira, ndipo palibe cholakwa. Kasitomalayo akugula ndi ndalama zake, phindu la banyirayo ndi lake, ndipo palibe amene wabisiridwa kanthu. Koma zimasintha ngati wogulayo watumidwa ndi sukulu kudzagula ndiwo za ophunzira, ndipo wogulitsa akumupatsa dengu loti apite nalo kunyumba kwake kuti mawa adzagulenso pomwepo. Tomato ndi yemweyo, koma tsopano ndalama ndi za sukulu pamene phindu likulowa m'khitchini ya wotumidwa. Mawa wotumidwayo sadzafunsanso mtengo kwina.

Akuluakulu adati kupatsa n'kuika. Mwambiwu umayamikira kuwolowa manja, komanso umaulula chimene chimachitika mumtima mwa wolandira: amatsala ndi ngongole. Pakati pa anansi ngongole imeneyi ndi yabwino, pakuti munthu amaibweza ndi zinthu zake, monga nkhuku, khasu lobwereka kapena tsiku lothandiza kusoka fodya. Vuto limabuka pamene wolandirayo abweza ndi chinthu chimene si chake, monga giredi ya fodya, malo pamzere, kontirakiti ya kampani kapena siginecha ya ofesi.

Amene amagamula pa ulendo wa fodya

Fodya wambiri wa m'dziko muno amalimidwa pa mgwirizano pakati pa alimi ndi makampani ogula, ndondomeko imene boma lidaivomereza mu 2012. Wotsalayo amagulitsidwa pa okushoni. Kuchokera ku nazale kufika pa tsiku lolandira ndalama, fodya wa mlimi wa ku Nkhamenya amadutsa m'manja mwa anthu angapo amene aliyense ali ndi kanthu koti agamule.

Woyamba ndi mlangizi wa kampani. Iye amayendera minda, amathandiza kusankha alimi oyenera kulowa pa mgwirizano ndi kulandira zipangizo pa ngongole, ndipo amalemba kuchuluka kwa fodya amene mlimi akuyembekezeka kukolola. Akalemba munda wa ekala imodzi ngati maekala awiri, mlimi amalandira feteleza woposa munda wake, wina amasowa, ndipo kampani imatsala ndi ngongole yosabwezeka.

Wachiwiri ndi mtsogoleri wa kalabu, kaya wapampando, mlembi kapena msungichuma. Iye amakhala ndi mawu aakulu posankha wonyamula mabelo, pogula ziguduli ndi pogawa zipangizo zikafika. Wachitatu ndi kalaliki wa pa depoti kapena wosanja ulendo wa malole, amene amadziwa belo liti likwera lero ndi liti lidikira sabata yamawa. Kudikira kumeneku kuli ndi mtengo wake, chifukwa fodya akakhalitsa pamalo osayenera amaonongeka, ndipo mlimi amene ali ndi antchito oyembekezera malipiro amakakamizika kukongola katapila.

Omaliza ali kumsika, kaya ku Chinkhoma m'boma lomwelo la Kasungu, ku Kanengo kapena ku Mzuzu. Kumeneko kuli oika magiredi, ogula ndi oyendera mabelo kuti aone ngati mkati mulibe fodya wosakaniza kapena zinyalala. Mtengo umawerengedwa pa kilogalamu m'ndalama za ku Amereka, choncho kusintha kwa giredi imodzi kumamveka pa belo lonse. Mtengo ukasiyana ndi masenti 50 pa kilogalamu, belo la makilogalamu 100 lasiyana ndi madola 50.

Anthu onsewa ali ndi chinthu chimodzi chofanana: zimene amagamula si zawo. Mphatso iliyonse yochokera kwa munthu amene akudikira chigamulo chawo iyenera kuyesedwa mosamala kuposa mphatso ya mlamu wobwera kudzacheza.

Zimene lamulo limanena

Lamulo lalikulu pa nkhaniyi ndi lolimbana ndi ziphuphu la 1995, limene lidakhazikitsa bungwe lothana ndi katangale ndi ziphuphu la ACB. Lamuloli lidakonzedwanso mu 2004 komanso mu 2022. Pali mfundo zinayi zimene wamalonda aliyense ayenera kuzidziwa.

Yoyamba ndi yakuti lamuloli silikhudza ogwira ntchito m'boma okha. Gawo 24 limanena za ziphuphu zoperekedwa kwa ogwira ntchito m'boma kapena zolandiridwa ndi iwo, gawo 26 limanena za mabungwe ndi makampani amene si a boma, ndipo gawo 27 limanena za anthu ogwira ntchito m'malo mwa ena. Choncho mlangizi wa kampani ya fodya ndi mtsogoleri wa kalabu ya alimi ali pansi pa lamuloli monga alili wapolisi wa pa rodibuloko.

Yachiwiri ndi yakuti chiphuphu sichikhala ndalama yokha. Lamulo limawerengera phindu la mtundu uliwonse, kuphatikizapo katundu, ntchito yogwiriridwa ulere, kuchotseredwa mtengo ndi ngongole. Wogulitsa zipangizo amene wabwereka msungichuma wa kalabu ndalama yopanda tsiku lobweza wamupatsa phindu, ngakhale onse awiri azitcha ngongole.

Yachitatu ndi yakuti mlandu suyembekezera kuti chinthu chifike m'manja. Kupempha, kulonjeza, kuyesa kupereka ndi kuvomera kulandira zonse ndi milandu. Ndiponso phindu loperekedwa ntchito itagwiridwa kale, ngati mphotho ya chigamulocho, limawerengedwa mofanana ndi loperekedwa ntchito isanayambe. Mfundo imeneyi imagwetsa chodzikanira chimene ambiri amachidalira, chakuti mbuzi idabwera fodya atagulitsidwa kale. Kudutsitsa mphatso kwa mkazi, mwana kapena mnzake wa wogamulayo sikusinthanso kanthu, chifukwa lamulo limakhudzanso phindu lolandirira munthu wina.

Yachinayi ndi chilango. Wopezeka wolakwa pa milandu imeneyi atha kukakhala kundende zaka 12, ndipo wopereka amaimbidwa mlandu monga wolandira. Wogwira ntchito m'boma ali ndi udindo wina pamwamba pake: akapatsidwa kapena kulonjezedwa chiphuphu, gawo 36 limamulamula kukanena kupolisi kapena ku ACB pasanathe maola 48, ndipo kukhala chete popanda chifukwa chomveka ndi mlandu pawokha.

Phunziro la mu 2010

Nkhani imene imaonetsa bwino malire a mphatso pa malonda a fodya idamveka ku Amereka pa 6 Ogasiti 2010. Tsikuli bungwe loyang'anira misika ya masheya m'dzikolo la SEC lidaimba milandu makampani awiri akuluakulu ogula fodya padziko lonse, Universal Corporation ndi Alliance One International, pansi pa lamulo la 1977 loletsa makampani a m'dzikolo kupereka ziphuphu kwa akuluakulu a maboma akunja. Makampani onse awiri ndi odziwika kwa alimi a ku Kasungu. Alliance One imagula fodya m'dziko muno m'dzina lomwelo, ndipo Universal ili ndi masheya ambiri mu kampani ya Limbe Leaf.

Malinga ndi SEC, pakati pa 2002 ndi 2003 nthambi ya Universal yoona za mu Afirika, yotchedwa Universal Leaf Africa, idapereka ndalama zokwana madola 850 000 kwa akuluakulu atatu a ku Malawi: madola 500 000 kwa mkulu wina wa boma, madola 250 000 kwa mkulu winanso, ndi madola 100 000 kwa mtsogoleri wina wa chipani chotsutsa. Bungweli lidati ndalamazi sizidalembedwe moyenera m'mabuku a kampani. Ku Mozambiki, SEC idatchula zopereka zoposa madola 165 000 kwa akuluakulu a boma, zina mwa izo pofuna kupeza ufulu wogula yokha fodya wa alimi a dera lina. Pa zoperekazo padali zipangizo zokonzera bafa ndi maulendo a pa ndege ya kampani.

Milandu ya Alliance One idakhudza maiko ena osati Malawi, ndipo idachokera ku zochita za makampani awiri amene adaphatikizana mu 2005 n'kupanga kampaniyi, Dimon ndi Standard Commercial. Mwa zina, SEC idatchula mawotchi, makamera ndi makompyuta apamanja operekedwa kwa akuluakulu oona za fodya a ku China ndi ku Thailand. Makampani onse awiri adathetsa milandu ya SEC popanda kuvomera kapena kukana zimene bungwelo lidanena. Pophatikiza ndi zindapusa za milandu imene nthambi zawo zina zidavomera ku unduna wa zachilungamo wa dzikolo, Universal idalipira pafupifupi madola 9 miliyoni ndipo Alliance One idalipira oposa 19 miliyoni.

Nkhaniyi ikuphunzitsa zinthu ziwiri zimene zimagwiranso ntchito pa kalabu ya alimi makumi awiri. Choyamba, wotchi ndi zipangizo zokonzera bafa ndi zinthu zimene aliyense angazitche mphatso, koma zidawerengedwa pamodzi ndi ndalama chifukwa zidapita kwa anthu amene kampani inkadikira chigamulo chawo. Chachiwiri, ofufuza adayang'ana kwambiri mmene zoperekazo zidalembedwera. Mphatso yeniyeni imalembeka m'buku ndi dzina lake. Chopereka chimene chikufunika dzina lina kuti chilowe m'buku chadziulula chokha.

Mbuzi ya wapampando

Chitsanzo chotsatirachi n'chongoyerekeza, ndipo mitengo yake yaikidwa kuti masamu aoneke bwino. Kalabu ina ya alimi 20 pafupi ndi Nkhamenya ili ndi mabelo 200 oti apite ku Chinkhoma, membala aliyense mabelo khumi. Eni malole awiri apereka mitengo yawo. Woyamba akuti K10 000 pa belo, wachiwiri K13 000. Kutatsala masiku atatu kuti komiti ikumane, wachiwiriyo afika kunyumba kwa wapampando madzulo, asiya mbuzi ndi envelopu, zonse pamodzi za mtengo wa K200 000, n'kunena kuti ndi zothokoza chifukwa cha ubale wa chaka chatha. Za mabelo satchulapo.

Pamsonkhano wapampando anena kuti lole ya woyambayo imafa kawirikawiri, ndipo komiti isankha wachiwiri. Kusiyana kwa K3 000 pa mabelo 200 ndi K600 000, ndiye kuti membala aliyense walipira K30 000 yoonjezera. Wapampando nayenso wataya K30 000 pa mabelo ake khumi, koma walandira K200 000, choncho iye watsala ndi phindu la K170 000. Mwini lole wabweza mtengo wa mbuzi ndi envelopu, n'kutsala ndi K400 000 pamwamba pa mtengo umene mnzake akadanyamulira. Mbuziyo yagulidwa ndi mamembala amene sadalaweko ngakhale msuzi.

Kuonongeka sikuthera pa ndalamazi. Mwini lole akachedwetsa mabelo milungu iwiri chifukwa wapeza katundu wina wolipira bwino, wapampando sangamudzudzule, pakuti pali chinsinsi chimene awiriwa akusungirana. Chaka chotsatira mwini lole woyamba uja, ataona mmene ntchito imapezekera, nayenso amabwera ndi mbuzi yake ndipo amaiwerengera pa mtengo wa belo.

Mbuzi yomweyo ikadatha kukhala mphatso yabwino zinthu zina zikadasintha. Mwini lole akadaibweretsa msika utatsekedwa, pamaso pa mamembala onse, kuti aphe pa chikondwerero cha kalabu, popanda lonjezo lililonse lakale kapena la chaka chamawa, palibe akadadandaula. Akadafuna kukopa kalabu, akadatsitsa mtengo wa belo n'kuulemba pa kalata yake, kuti phindu lifike kwa eni fodya. Komanso mtengo wake ukadakhala wotsika kuposa wa mnzake, envelopu ya madzulo ija ikadakhalabe chiphuphu, chifukwa cholinga chake chidali kugula mawu a wapampando, ndipo ndalamayo ikadatha kutsitsa mtengo kwa onse.

Mafunso oyesera mphatso

Munthu amene wapatsidwa mphatso chifukwa cha ntchito yake atha kuiyesa ndi mafunso asanu ndi awiri awa, motsatana.

1. Kodi woperekayo akudikira chigamulo cha wolandira, kapena wangochilandira kumene? Ngati pali kontirakiti, ngongole ya zipangizo, giredi, malo pamzere kapena malipiro amene ali m'manja mwa wolandira, mphatsoyo ibwezedwe posayang'ana kukula kwake. Funso ili ndilo lolemera kuposa onse.

2. Kodi mphatsoyo idapemphedwa? Kupempha kumachitikanso popanda mawu, monga kuchedwetsa fayilo, kudandaula za mafuta a njinga yamoto pamaso pa mlimi, kapena kutamanda nkhuku za pakhomo mobwerezabwereza. Chopemphedwa sichikhalanso mphatso.

3. Kodi ikadabwera wolandirayo akadapanda kukhala pa udindowo? Mnzake wa kuubwana amene amabweretsa mbatata chaka chilichonse adzabweretsabe udindo ukatha. Amene adayamba kupatsa mwezi umene munthu adasankhidwa kukhala msungichuma akupatsa mpando.

4. Kodi ndi ndalama kapena chinthu chosinthika msanga kukhala ndalama? Envelopu, ndalama ya pa foni, mayunitsi, makuponi a mafuta ndi matumba a feteleza zikanidwe nthawi zonse. Kalendala, kepesi kapena cholembera chokhala ndi chizindikiro cha kampani, zimene zikugawidwa kwa aliyense, sizimanga munthu.

5. Kodi wolandira angathe kubweza mphatso yofanana nayo kuchokera m'thumba mwake? Muyeso umenewu umathandiza pamene palibe mlingo wolembedwa. Mbale ya nsima imabwezeka. Foni ya mtengo woposa malipiro a mwezi sibwezeka, ndipo ngongole yake idzalipidwa ndi udindo. Powerengera, mphatso zonse za munthu mmodzi pa nyengo yonse ziphatikizidwe, chifukwa nkhuku ya sabata iliyonse imakwana mbuzi msika usanatseke.

6. Kodi ingalandiridwe pamaso pa bwana, mamembala ndi opikisana naye woperekayo, n'kulembedwa m'buku ndi dzina lake? Ngati yabwera usiku, yasiyidwa kwa mkazi kapena yatsagana ndi mawu akuti zikhale pakati pa awiri, yankho lapezeka kale.

7. Kodi malamulo a pantchito akuti chiyani? Makampani ambiri akuluakulu ali ndi mlingo wa mphatso yololedwa ndi kaundula wolembamo zolandiridwa. Pamene malamulo a pantchito ali okhwima kuposa mafunso enawa, ndiwo oyenera kutsatidwa.

Mphatso imene yakhoza mafunso onse asanu ndi awiri itha kulandiridwa ndi kulembedwa. Imene yalephera funso loyamba, lachiwiri kapena lachinayi ikanidwe pomwepo. Imene yakaikitsa pa mafunso otsalawo iperekedwe kwa bwana kapena kwa komiti kuti ndiwo agamule, chifukwa wolandira ndiye munthu wosayenera kuweruza mphatso yake.

Mphatso zovuta kuweruza

Chakudya cha pakhomo ndicho chofala kwambiri. Mlangizi amene wayenda m'minda kuyambira m'mawa akaitanidwa kudya nsima imene banja likudya, kukana kungakhale kunyoza, ndipo mbale yotereyi sisintha lipoti. Zimasiyana ndi nkhuku yamoyo yomangiriridwa pa njinga yake tsiku loyeza munda. Chodyera pamodzi pamalopo ndi ulemu wa alendo, pamene chonyamula kupita nacho kunyumba chayamba kukhala malipiro.

Chipepeso cha maliro ndi perekaniperekani wa pa ukwati zili ndi njira zake zimene mwambo udaika kale. Chipepeso chimapita kwa wolandira zopereka, chimalembedwa ndipo kawirikawiri chimalengezedwa. Wamalonda amene waponya zofanana ndi za anthu ena kudzera m'njira imeneyi wachita za umunthu. Amene wakokera woferedwa kuseri kwa nyumba n'kumupatsa envelopu yoposa zopereka za mudzi wonse, pamene tenda yake ili pa tebulo la woferedwayo, wagwiritsa ntchito maliro.

Ulemu wopita nawo kwa mfumu nawonso uli ndi malire. Mwambo umadziwa chimene mlendo amanyamula pokaonekera kubwalo, ndipo chimaperekedwa nduna zikuona. Chikakula mogwirizana ndi kukula kwa malo amene munthu akufuna kulimapo fodya, kapena chikaperekedwa pamene mlandu wa malire uli pakati, chasiya kukhala ulemu.

Zovuta kuzizindikira kuposa zonse ndi zimene sizigwirika ndi manja: ntchito ya mwana wa kalaliki pa sitolo ya wamalonda, fizi ya mphwake, thirakitala yolimira munda wa mlangizi ulere, kapena lole yonyamula njerwa za nyumba yake popanda malipiro. Izi ziyesedwe pofunsa mtengo umene munthu wamba akadalipira. Mtengo umenewo ndiwo kukula kwa mphatsoyo, ndipo upite pa mafunso asanu ndi awiri aja monga ikadachitira envelopu.

Kukana, kubweza ndi kunena

Kukana kumaphweka munthu akakankhira chifukwa pa lamulo la pantchito m'malo mokayikira woperekayo. Mawu onga akuti, "Zikomo kwambiri bambo, mtima wanu ndauona, koma ntchito yathu sitiloledwa kulandira kanthu kwa alimi amene tikuwayendera," amasunga ulemu wa onse awiri. Amagwira ntchito pokhapokha ngati akunenedwa kwa aliyense. Wokana nkhuku ya mlimi wosauka n'kulandira mbuzi ya mwini esiteti wangolengeza mtengo wake.

Mphatso ikasiyidwa pakhomo mwini wake kulibe, ibwezedwe msanga, pamaso pa mboni, ndipo bwana kapena komiti idziwitsidwe polemba tsiku lomwelo. Ndalama ya pa foni ibwezedwe pa nambala imene idachokera, uthenga wake usungidwe. Chinthu chosabwezeka, monga ndiwo zoti zingaonongeke, chiperekedwe ku ofesi kapena ku kalabu kuti chigawidwe poyera, ndipo wolandirayo asakhale nawo pa chigamulo chokhudza woperekayo.

Kalabu itha kudziteteza ndi zinthu zitatu zosafuna ndalama: kope lolembamo tsiku, wopereka, chinthu, mtengo wake ndi kumene chapita, lamulo loti mitengo ya onyamula mabelo ndi ogulitsa zipangizo izibwera yolembedwa n'kuwerengedwa pamsonkhano wa onse, ndi lamulo loti mtsogoleri amene ali pachibale kapena pa ngongole ndi wopikisana nawo azituluka pokambirana.

Mlimi amene akuuzidwa kuti belo lake silikwera kapena dzina lake sililowa pa mgwirizano mpaka atapereka kanthu sakupemphedwa mphatso, akulipiritsidwa chinthu chimene ndi chake kale. Ayenera kusunga tsiku, malo, dzina la wopemphayo, mawu amene adanenedwa ndi mauthenga a pa foni, n'kukadandaula kwa akuluakulu a kampaniyo, ku bungwe loyang'anira malonda a fodya, kupolisi kapena ku ACB. Bungwe la ACB lili ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, komanso nambala yaulere ya 113, ndipo lamulo limateteza dzina la munthu wopereka uthenga. Dandaulo la alimi angapo amene aona zofanana kwa munthu mmodzi limakhala lamphamvu kuposa la mlimi mmodzi, ndipo limachepetsa mantha oti wodandaulayo adzachotsedwa pa mndandanda chaka chamawa.